Kupatsa n'kuika, ngakhale chopatsacho chili dzina la munthu

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ankanena za chimanga ndi mbewu, koma mu Blantyre wa lero chimene munthu angapatse mnzake osaluza kanthu ndi dzina la munthu woyenera. Namwino wa ku Queens amakhala ku Zingwangwa, wowerengera ndalama ali ku Chilomoni, kalipentala waluso ali m'Ndirande, wa zamagetsi wa satifiketi ya TEVETA ali ku Bangwe. Amakwera minibasi zomwezo, amakumana pamaliro, koma wina sadziwa chimene mnzake akusowa pa ntchito yake. Ndikuti wina mwa ife ayambe kuwaitana kamodzi pamwezi.

Gulu la Rotary linayamba chomwechi mu 1905 ku Chicago. Loya Paul Harris anakumana ndi anzake atatu a ntchito zosiyana, ndipo ankasinthana maofesi okumaniramo. Chotengapo apa ndi kusiyana kwa ntchitoko. Mukaitana aphunzitsi okhaokha mudzangodandaulirana za malipiro. Itanani anthu 8 mpaka 12, aliyense wa ntchito yakeyake, amayi ndi abambo. Akapitirira pamenepo, ena amabwerera kwawo osatsegula pakamwa.

Tsiku likhale lodziwika, lisamasunthe. Kumapeto kwa mwezi kumadzadza maukwati ndi zinkhoswe, choncho Lamulungu lachiwiri la mwezi, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, limathandiza: a mapemphero aweruka, a Sabata sanasiyidwe, ndipo wa ku Machinjiri akafika kwawo kusanade. Malo akhale kalasi ya pasukulu kapena holo ya patchalitchi. Kumalo omwera mowa amayi ambiri ndi anthu opemphera sadzabwera. Nenaninso poitanapo kuti palibe alawansi kapena ya thiransipoti, chifukwa maphunziro a mabungwe anatizoloweza kusaina dzina n'kulandira envelopu. Wobwera atamva zimenezi ndiye wofunikayo.

Pamsonkhanopo aliyense apatsidwe mphindi zitatu zokha, anene ntchito yake ndi chinthu chimodzi chimene chamuvuta mwezi uno. Inu woitanitsa lembani m'kope. Ntchito yanu yeniyeni imayamba anthu atabalalika.

Tiyerekeze kuti kalipentala uja wanena kuti sukulu ina yapulaiveti ikufuna madesiki, koma yamuuza abweretse kotesheni ndi TPIN, ndipo iye sadziwa poyambira. Wowerengera ndalama wa ku Chilomoni amadziwa njira ya ku MRA bwino lomwe. Musangotumiza nambala. Yambani mwamuimbira n'kumufunsa kuti, “Achimwene, pali kalipentala amene ndinaona ntchito yake ndi maso anga, akufuna thandizo la mapepala. Ndingamupatse nambala yanu?” Akavomera, lemberani onse awiri uthenga umodzi wonena kuti uyu ndani, uyu ndani, ndipo nkhani yake ndi yotani. Kenako chokanipo, za malipiro akambirane okha. Pakatha sabata funsani ngati anakumana. Musapemphe yapamwamba. Tsiku limene anthu adzadziwe kuti mumadyapo, mawu anu oti “uyu ndi wabwino” adzasanduka malonda.

Pano pali choopsa chimene ambiri sachiganizira. Paja nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kalipentala akalandira dipoziti n'kuzimitsa foni, mwini sukulu sadzakwiyira iye yekha, adzafunsanso amene anamutchula. N'chifukwa chake muzinena poyera malire a zimene mukudziwa. Kunena kuti “ntchito yake ndinaiona” n'kosiyana ndi kunena kuti “ndangomudziwira kumsonkhano kuno”, ndipo mawu achiwiriwa si chipongwe. Mlamu wanu kapena wa mpingo wanu ayesedwe ndi muyeso womwewo.

Chimene chimapha magulu otere msanga ndi ndalama. Pakapita miyezi ingapo wina adzati, popeza tadziwana, tiyambe chipereganyu kapena banki mkhonde. Zinthu zimenezi n'zabwino pa malo ake, koma pano zikaneni mwaulemu. Wobwereka akalephera kubweza amasiya kubwera chifukwa cha manyazi, ndipo msonkhano wotsatira umathera pa nkhani ya ngongole. Gulu la pa WhatsApp nalonso likhale lokumbutsana tsiku ndi kufunsa thandizo la ntchito basi. Zandale ndi zotsatsa malonda zikalowamo, anthu otanganidwa amatuluka mwakachetechete, ndipo iwowo ndi amene munkawafuna.

Musayese gulu ndi kuchuluka kwa mipando yodzadza. Tsegulani kope lija muone kuti mwa zosowa zimene zinalembedwa mwezi watha, ndi zingati zapeza woziyankha. Ngati miyezi itatu yadutsa popanda anthu awiri okumana kunja kwa msonkhano, ndiye kuti mukungocheza, ndipo muyenera kuitana anthu a ntchito zina. Inu amene foni yanu ili ndi manambala a makaniko, mzamba, loya ndi mmisiri womanga nyumba, sankhani anthu anu sabata ino, mukapemphe kalasi kwa ahedi, muwauze tsiku.