Pelesenti imodzi ija ni munthu

Tamva kuti aphunzitsi ena m'makoleji ayamba kuponya asainimenti mu pulogilamu yofufuza ngati mwana wasukulu analemba yekha kapena anamulembela ChatGPT. Pulogilamu ikafiila, mlandu watha, zilo wagwa. Ife tikana, ndipo tili na zifukwa.

Pulogilamu imeneyi sinakuoneni mukulemba. Siidziwa ngati munali pa foni usiku malaiti atapita kapena munakopela. Cimene mapulogilamu ambili otele amapima n'cakuti mawu anu ni osavuta bwanji kulosela. Tikakamba kuti "Lusaka ni likulu la...", aliyense adziwa kuti liwu lotsatila ni Zambia. Makina olemba amakonda kusankha mawu oyembekezeka ngati amenewo, ndiye pulogilamu yofufuza ikaona nkhani yodzala na mawu oyembekezeka, ziganizo zolingana utali, imati ni makina analemba.

Manje ganizilani mmene tinaphunzilila Cizungu. Anatiphunzitsa kulemba komposishoni na mawu amene tiwadziwa bwino, kupewa liwu lacilendo kuti tisataye mamaki, kuyamba ndime iliyonse mwa njila imodzimodzi. Munthu wolemba m'cinenelo caciwili kapena cacitatu amayenda m'njila yopondedwa kale, ndiye njila imene pulogilamu iona ngati ya makina. Mu 2023 ofufuza a pa yunivesiti ya Stanford ku Amelika anatenga nkhani 91 zolembedwa na anthu pa mayeso a Cizungu a TOEFL, n'kuzipeleka ku mapulogilamu 7 ofufuza. Pa avaleji, nkhani zoposa 60 pa 100 zinanamizilidwa kuti ni za makina. Nkhani za ana a giledi 8 a ku Amelika zinapita pafupifupi zonse popanda vuto. Ngakhale kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inacotsa pulogilamu yake yofufuza mu Julayi 2023 cifukwa inali kulakwa kwambili: inali kunamizila nkhani 9 pa 100 zolembedwa na anthu.

Ogulitsa mapulogilamu adzati awo ni abwino kuposa pamenepo. Turnitin inakamba kuti imanamizila nkhani zosafika imodzi pa 100. Cabwino, tiyeni titenge imodzi pa 100 imeneyo ngati yoona. Yunivesiti ya Vanderbilt inacita masamu: mu 2022 inatumiza mapepala 75,000, ndiye imodzi pa 100 ikanakhala mapepala 750 a anthu osalakwa. Mu Ogasiti 2023 inazimitsa cofufuzila cimeneco.

Koma 750 ni nambala cabe, siimva kuwawa. Tiyeni titenge munthu mmodzi. Tinene kuti ni mtsikana wa ku Chawama amene sanagwilitsepo nchito makina olemba, ndipo pofika tsiku lomaliza maphunzilo adzakhala atapeleka maasainimenti 40. Pa asainimenti iliyonse, mwayi wopita bwino ni 99 pa 100. Kuti apite bwino pa onse 40, timaculukitsa 0.99 na 0.99 maulendo 40, ndipo yankho ni pafupifupi 0.67. Ndiye kuti mwayi wakuti anamizilidwe kamodzi kapena kuposa ni 33 pa 100. Mwa ana asukulu atatu oona mtima, mmodzi adzaitanidwa ku ofesi.

Ndipo masamu awa tamucitila cifundo, cifukwa tayesa kuti pulogilamu imalakwa mwangozi, lelo kwa uyu, mawa kwa uja. Sizili conco. Kalembedwe ka munthu sikasintha mlungu uliwonse. Ngati Cizungu cake ni cija cosamala, copanda zokometsela, pulogilamu idzamugwila lelo, idzamugwilanso temu ya mawa, pamene mnzake amene anakulila m'nyumba yokamba Cizungu sadzagwidwa olo kamodzi. Ulendo waciwili palibe adzamukhulupilila. Adzati ni khalidwe lake. Pamenepo kosi yabwelezedwa, fizi yalipilidwanso, ndipo amene anagulitsa tomato kuti fizi ipezeke auzidwa kuti mwana wawo ni wakuba.

Sitikamba kuti kulibe okopela. Aliko, tiwadziwa. Koma wocenjela amasintha mawu apa na apo n'kupita osagwidwa, wotsala mu ukonde ni uja analemba yekha mosamala.

Kwa aphunzitsi tikuti: nambala ya pa sikilini isakhale ciweluzo. Muitaneni mwanayo, mufunseni cifukwa cake anayamba na mfundo iyi, buku ili analipeza kuti, ndime yacitatu itanthauza ciani. Amene analemba yekha adzayankha, olo mocita cibwibwi. Ndipo inu anzathu, sungani mapepala amene munayambila kulembapo. Ngati mulemba mu Google Docs, mbili ya zimene munasintha imasungika pa Version history, tsiku na ola lake. Akakuitanani, pemphani kuti akuonetseni umboni wina kupatula pelesenti ija, ndipo funsani lamulo la koleji limene lilola kupeleka zilo pa nambala yokha.