Mawu a paukwati si chikalata cha ku boma

Mphwanga, kalaliki kuno ku Katete, adandiwerengera zimene akanene paukwati wa mwana wa mlongo wathu ku Sinda: “M'malo mwa banja lonse, tikudziwitsa anthu kuti mwambowu watheka mogwirizana ndi mbali zonse zokhudzidwa.” Mpweya udamuthera asanafike kumapeto. Ndidati iwe, ukulengeza msonkhano wa feteleza kodi? Tidafufuta “mbali zokhudzidwa” n'kutchula ankhoswe ndi asewere athu, amene achokera kutali ku Vubwi. Chiganizo chilichonse tidachidula kuti chikwane mpweya umodzi. Kenaka ndidamufunsa chimene amakumbukira pa mwanayo. Akuti ali wamng'ono ankakana kudya nsima mpaka agogo ake atasamba m'manja. Tidalemba chomwecho, ndipo m'mphepete mwa pepala tidaikamo kamzere, poti apa aime, amayi ayimbe nthungululu.

— Mlembi wa Pakhonde