Karoselo ya zolakwika za pa CV: onetsani zomwe munakonza

Pa LinkedIn masiku ano simungayende mphindi zisanu osakumana ndi positi ya masamba angapo, yosuntha ndi chala, yonena za zolakwika zomwe anthu amachita pa CV. Imeneyi ndiye karoselo. Ambiri amene akuzilemba si mabwana olemba anthu ntchito ayi. Ndi anzathu omwe tinkadya nawo chipisi ku koleji, omwe nawonso akusaka ntchito ndipo akufuna kuti anthu a m'makampani awadziwe.

Ine ntchito yanga ndi kulembera mabizinesi ang'onoang'ono mapositi otere, ndiye anzanga amandifunsa kawirikawiri ngati njirayi imathandiza. Yankho langa ndi lakuti imathandiza, koma pali msampha. Munthu amene sanalembedwe ntchito akaima n'kumalangiza anthu za CV ngati bwana wa HR, owerenga amafunsa chamumtima kuti, "Nanga iweyo bwanji uli pakhomo?" Choncho karoselo yanu isakhale ulaliki. Ikhale umboni wa ntchito yomwe mwagwira: mzere unali chonchi, ndaukonza chonchi, chifukwa chake ndi ichi. Wolemba anthu ntchito akaiona, aone munthu wodziwa kuona vuto n'kulikonza.

Tiyerekeze mtsikana amene ali ndi dipuloma ya ICAM, anachita atachimenti ya miyezi 6 pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi, ndipo akufuna ntchito yothandizira mu ofesi ya akawunti. Anthu amene iye akufuna kuti amuone ndi ochepa: maakawuntanti, mamanijala a zachuma ndi a HR. Karoselo yake ikhale ya masamba 7 basi. CV zathu timalemba m'Chingerezi, ndipo karoselo yakenso ikhala m'Chingerezi, koma pano zitsanzo ndizipereka m'Chichewa.

M'mera mpoyamba. Tsamba loyamba ndi lokhalo lomwe aliyense adzaone, enawo adzawaona amene wakopeka. Mutu wakuti "Zolakwika za pa CV" ndi wa aliyense, ndiye sukoka aliyense. Iye alembe kuti: "Zinthu 4 zomwe ndachotsa pa CV yanga ya akawunti, ndi zomwe ndaikapo." Mutuwu ukunena nambala, ukunena gawo la ntchito, komanso ukuonetsa kuti akukamba za CV yake, osati kuloza anzake chala.

Masamba anayi otsatira aliyense atenge cholakwika chimodzi, ndipo onse amangidwe mofanana: pamwamba mzere wakale, pakati mzere watsopano, pansi chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa.

Tsamba lachiwiri likhale la zomwe zimadzaza theka la tsamba loyamba la CV zambiri kuno kwathu: mudzi, mfumu yaikulu, boma lochokera, mtundu, mpingo, ndiponso ngati munthu ali pabanja kapena ayi. Timalemba zimenezi chifukwa tinakopera CV ya achimwene, iwonso anakopera ya amalume. Iye aonetse mndandanda wonsewo atautchinga ndi mzere, kenako aonetse zotsala: dzina, nambala ya foni, imelo ndi tawuni yomwe akukhala. Chifukwa chake n'chachidule: malo apamwamba pa CV ndi omwe amawerengedwa koyamba, ndiye apite ku luso. Ngati olemba ntchito apempha zina mwa zimenezi pa fomu yawo, azilemba pa fomupo.

Tsamba lachitatu ndiye mtima wa karoselo yonse. Mzere wakale ukuti: "Ndinkathandiza ntchito za mu ofesi ya akawunti." Mzerewu aliyense angaulembe, ngakhale amene ankangotumidwa kukagula mayunitsi. Watsopano ukuti: "Ndinkalowetsa mainivoisi pafupifupi 120 pa sabata mu Excel, ndipo kumapeto kwa mwezi ndinkafananiza buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki." Apa akawuntanti wowerenga akuona kuchuluka kwa ntchito, chida chomwe chinagwiritsidwa ntchito, ndi luso lenileni lomwe iye amalifuna mu ofesi mwake. Koma nambalayo ikhale yoona. Pa intavyu adzafunsidwa kuti ziwerengero zikasiyana ndi za ku banki ankatani, ndipo wopeka nambala amagwidwira pomwepo.

Tsamba lachinayi likambe za mareferi. Cholakwika chofala ndi kulemba mayina atatu a anthu omwe sanauzidwe, kapena omwe manambala awo anasiya kugwira. Tangoganizani bwana akuimba foni, mbali inayo n'kuyankha kuti, "Ndani ameneyo? Sindikumukumbuka." Iye aonetse zomwe anachita: anaimbira aliyense, anatsimikiza nambala ndi udindo wawo wa panopa, kenako anawatumizira CV yatsopano kuti adziwe ntchito yomwe akufunsira.

Tsamba lachisanu ndi la fayilo yomwe. Ena amajambula CV ya papepala ndi foni n'kutumiza chithunzi chopendekeka. Ena amatumiza fayilo ya dzina ngati `CV final final 2.docx`, yomwe ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imasokonekera. Iye aonetse dzina latsopano, monga `Dzina_Lanu_CV.pdf`. PDF yosungidwa kuchokera mu Word imaoneka chimodzimodzi paliponse, ndipo mawu ake amatheka kusakidwa ndi kukopedwa, pomwe a pa chithunzi satheka mosavuta. Zimenezi n'zofunika kwambiri ku mabungwe omwe amalandira makalata ofunsira ntchito pa intaneti.

Tsamba lachisanu ndi chimodzi libwereze mfundo zinayizo m'mizere inayi, kuti wofuna kusunga ajambule tsamba limodzi lokha. Lomaliza ndi pomwe ambiri amataya mwayi polemba kuti "Nditsatireni." Iye anene kuti ndi ndani ndipo afunse funso lomwe munthu wa ntchitoyo angakonde kuyankha: "Ndili ndi dipuloma ya ICAM, ndikufuna ntchito yothandizira mu akawunti ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Inu amene mumalemba anthu a akawunti, mumayamba kuyang'ana chiyani pa CV ya munthu wongomaliza kumene?" Funso lotere limapatsa wamkulu mpata woonetsa zomwe akudziwa, ndipo anthu amakonda mpata umenewo.

Kapangidwe kake sikafuna laputopu. Mu Canva yaulere ya pafoni, sankhani kukula kwa 1080 x 1350, komwe kumadzaza bwino sikirini ya foni. Tsamba lililonse lisapitirire mawu 30, zilembo zikhale zazikulu, mitundu iwiri yokha. Mukamaliza, sungani ngati `PDF Standard`. Pa LinkedIn karoselo imapangidwa poika PDF ngati dokyumenti: yambani positi, sankhani `Add a document`, ikani fayiloyo ndi kuipatsa mutu. LinkedIn imalola mpaka masamba 300 ndi 100 MB, koma kumbukirani kuti owerenga anu ambiri ali pa bandulo. Mukangogwiritsa ntchito mawu ndi mitundu popanda zithunzi zolemera, fayilo imakhala yaing'ono ndipo imatseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta. Pa Instagram ndi zosiyana: kumeneko mumaika masambawo ngati zithunzi, osati PDF.

Musanadine `Post`, pali zinthu ziwiri zomwe zingakupwetekeni. Choyamba ndi sipelo. Karoselo yonena za zolakwika ikakhala ndi liwu lolembedwa molakwika, ndemanga yoyamba idzakhala ya liwu limenelo. Ndipo PDF ikaikidwa, masamba ake simungawasinthe. Mungakonze mawu a pamwamba pa positi, koma kuti mukonze tsamba muyenera kufufuta zonse n'kuyambiranso, ndemanga zomwe zinabwera n'kupita nazo. Ndiye tumizani PDF kwa mnzanu pa WhatsApp, aiwerenge pafoni yake mokweza, tsamba ndi tsamba.

Chachiwiri ndi zinsinsi. Poonetsa mzere wakale, musajambule CV yeniyeni. Pamenepo pali nambala yanu, tsiku lobadwa, mwina nambala ya chiphaso cha unzika, komanso mayina ndi manambala a mareferi omwe sanavomere kuti aikidwe pagulu. Lembaninso mizereyo mu Canva ndi zitsanzo zopeka. CV ya mnzanu ndiye musaiyerekeze n'komwe, ngakhale mutabisa dzina, chifukwa a m'kalasi mwanu adzamuzindikira ndi sukulu ndi zaka zomwe zalembedwapo. Dziwaninso kuti mukalengeza kuti mukusaka ntchito, akamberembere nawonso amva. Wina akabwera ku inibokosi n'kunena kuti pali malo koma mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo si wolemba ntchito.

Tsopano, mudziwa bwanji kuti karoselo yagwira ntchito? Osati ndi malaiki. Tinene kuti mtsikana uja wapeza malaiki 90 ndi ndemanga 12. Akaziwerenga, 9 ndi za anzake a ku koleji zongoti "zoona" ndi kamoto, 3 ndi za anthu ogwira ntchito mu akawunti. Phindu lake lonse lili pa atatuwo. LinkedIn imaonetsanso, pansi pa positi yanu pa `View analytics`, maudindo ndi madera a anthu omwe aiona. Ngati ambiri ndi ophunzira okhaokha, ndiye kuti mutu unali wa aliyense, ndipo ulendo wina auloze kwambiri ku gawo lake.

Atatu aja awayankhe tsiku lomwelo, ndi yankho la nzeru. Wina akalemba kuti iye amayang'ana ngati munthu akudziwa za misonkho, mtsikanayu asangoti "zikomo". Afunse ngati ndi bwino kutchula VAT ndi PAYE pa mzere wa luso kapena pansi pa atachimenti pomwe anazigwira. Mawa lake atumize pempho la `Connect` ndi kauthenga kakafupi: "Zikomo bwana chifukwa cha ndemanga yanu ya misonkho pa positi yanga. Ndakonza CV motsatira zomwe munanena. Ndingakonde kupitiriza kuphunzira kwa inu." Asapemphe ntchito mu uthenga woyamba, ndipo asaponye CV osapemphedwa. Munthu amene mwangodziwana naye dzulo simumupempha ngongole lero.

Karoselo siyilemba munthu ntchito, ndipo ina imatha kuonedwa ndi anthu ochepa ngakhale itapangidwa bwino. Chomwe imachita ndi kukupatsani chifukwa chomveka cholankhulirana ndi anthu omwe kale mukanangowaona patali. Ndipo zomwe akuluakuluwo ayankha ndi zomwe mudzapangire karoselo yachiwiri pakatha masabata awiri: "Ndinafunsa olemba anthu a akawunti za CV, anandiuza izi." Mukawapempha chilolezo n'kuwatchula, ena a iwo adzaigawa kwa anzawo a mu ofesi, omwe ndi anthu enieni amene mumafuna kuti adziwe dzina lanu.