Chithunzi cha shelefu chimabisa mabuku athu

Pali chizolowezi chimene chafala pakati pa ife ophunzira a m'mayunivesite tikafuna kuthandiza sukulu zimene tinachokera. Wina amapita ku laibulale ya sukuluyo, n'kujambula mashelefu ndi foni, n'kutumiza zithunzizo pagulu la WhatsApp. Wina amene ali ku Zomba kapena ku Blantyre amakulitsa chithunzi chilichonse n'kulemba mitu ya mabuku imene akuona pamsana pa buku lililonse, mutu umodzi pamzere umodzi. Ukatha mndandandawo timautumiza kwa ofuna kutithandiza, n'kunena kuti izi ndi zimene sukulu ili nazo. Ine ndikuti mndandanda wotere umanama, ndipo bodza lakelo limagwera mabuku olembedwa m'zilankhulo zathu.

Ndisanaukane, ndiuyamikire pamene uyenera. Lamulo la mutu umodzi pamzere umodzi ndi labwino, ndipo amene amalemba mitu yonse m'ndime imodzi, n'kumailekanitsa ndi mipatuliro, amasokoneza owerenga. Taganizani buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe. Mukaliika pakati pa mitu ina m'chiganizo chimodzi, munthu wosalidziwa awerenga mabuku awiri, lina Sikusinja, lina Gwenembe. Mzere wakewake umathetsa chisokonezo chimenechi. Umathandizanso kuti mizere iwerengeke, isanjidwe motsatira alifabeti mu Excel, ndi kufufuzidwa. Vuto lagona pa kumene mituyo ikuchokera.

Kamera imaona msana wa buku basi. Buku lochindikala, lomatidwa ndi guluu kapena losokedwa, lili ndi msana wotambalala pamene osindikiza amalembapo mutu ndi dzina la mlembi. Buku lopyapyala, lopindidwa pakati n'kumangidwa ndi timawaya tiwiri, lilibe malo otero. Likaima pakati pa anzake limaoneka ngati kamzere chabe, mwinanso osaoneka n'komwe. Tsono funsani aliyense amene anagwirapo mabuku a Chichewa ndi a Chiyao: ambiri mwa iwo ndi opyapyala. Mabuku olemera a zikuto zolimba amene amabwera m'makatoni kuchokera kunja ndi amene amadzaza chithunzi. Motero kamera imasankha, ndipo imasankha mokomera Chingerezi.

Patchuthi chapitachi ndinathandiza nawo kuwerenga mabuku pasukulu ina yasekondale yoyendera kwathu kwa Kawinga, m'boma la Machinga. Gulu la ophunzira akale linali litalemba kale mndandanda kuchokera pazithunzi. Shelefu ya mabuku a nthano ndi ndakatulo inali ndi mizere 41. Titatsitsa mabuku onse n'kuwawerenga ndi manja, anakwana 63. Mwa 22 amene anasowa pamndandanda, 14 anali opyapyala opanda cholembedwa pamsana, 5 anali okutidwa ndi pepala lakhaki kuti asang'ambike, ndipo 3 anaikidwa chotembenuza, masamba kuyang'ana kunja. Mwa 14 aja, 11 anali a Chichewa ndipo 2 a Chiyao. Buku limodzi mwa atatu aliwonse linali litafufutidwa, popanda wina aliyense kufuna kutero.

Mizere ina ya mndandanda uja nayo inali ndi zake. Kapepala ka nambala ya laibulale kamamatidwa kumunsi kwa msana, ndipo pamabuku ena a m'kalasi m'pamene pamakhala nambala ya fomu. Wolemba uja ataona mabuku anayi ofanana mtundu, anaika mzere umodzi, pamene awiri anali a Fomu 3 ndipo awiri a Fomu 4. Pabuku lina dzina la mlembi linali lalikulu kuposa mutu, ndiye pamzere panangolembedwa kuti Jack Mapanje. Kodi ndi Of Chameleons and Gods la 1981, kapena lina mwa mabuku ake? Pena kuwala kwa dzuwa kunaphimba theka la mutu, wolembayo n'kumalizitsa yekha mongoganizira. Kuganizira kotereku n'koopsa kuposa kusiya mpata, chifukwa mzere wabodza umaoneka chimodzimodzi ndi woona.

Ena adzati ndikukulitsa nkhani. Sukulu zambiri zoyendera zilibe woyang'anira laibulale wolembedwa ntchito, mphunzitsi amene amasunga makiyi ali ndi makalasi ake, ndipo mndandanda wa theka uli bwino kuposa kusakhala nawo. Zoti nthawi ndi yochepa ndikuvomera. Zoti theka lili bwino ndikukana, pokhapokha mndandandawo utanena wokha kuti ndi theka. Wofuna kuthandiza akauwerenga amakhulupirira kuti waona zonse. Mphunzitsi watsopano akaulandira amafufuza zimene zalembedwa zokha. Buku limene lilibe mzere likatengedwa osabwezedwa, kapena likadyedwa ndi chiswe, palibe amene angalifunse. Laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu itapsa mu Disembala 2015, dziko lonse linadziwa kuti lataya chuma. Mabuku a kumudzi amatha mwakachetechete, limodzilimodzi, ndipo oyamba kutha ndi amene sanalembedwe paliponse. Ambiri a iwo simungawapezenso m'sitolo. Buku la sayansi lingagulidwenso mawa, koma ngati pashelefu ina ya kuno pali Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah, chimene chinatuluka koyamba mu 1919 chofotokoza mbiri ya Ayao, kodi chikasowa mukachigula kuti?

Sindikunena kuti titaye mafoni. Ndikunena kuti chithunzi chikhale chiyambi cha ntchito, ndipo chitsatire lamulo limodzi: mizere ichuluke mofanana ndi mabuku. Wojambula asanajambule, ayendetse chala pashelefu n'kuwerenga mabuku onse, alembe nambalayo pakapepala, akaike kapepalako m'chithunzi momwemo. Ajambule shelefu imodzi panthawi, ataima moyang'anizana nayo, osayatsa getsi la kamera chifukwa limanyezimira papulasitiki. Mabuku opanda msana awatulutse, awayale patebulo, ajambule zikuto zake.

Wolemba ayambire shelefu yapamwamba, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Buku lililonse lilandire mzere wake, ngakhale mutu wake ukubwereza. Kuphatikiza ofanana kubwere pambuyo. Chimene sichikuwerengeka chilembedwe kuti sichikuwerengeka, pamalo pake pomwepo. Mizere yake ioneke motere:

I Will Try
Nthondo
Nthondo
losawerengeka, lopyapyala, lachinayi kuchokera kumanzere
Sikusinja ndi Gwenembe
mutu wabisika, mlembi Jack Mapanje

Akamaliza awerenge mizere n'kuyerekeza ndi nambala ya pakapepala. Kapepala kakati 63 koma mizere ili 41, ntchito sinathe, ndipo mndandanda usatumizidwe kulikonse. Mizere ya osawerengeka ibwerere kusukulu, kumene ophunzira awiri a Fomu 3 angathe kutulutsa mabukuwo n'kukopera mitu yake kuchokera patsamba loyamba lam'kati, pakuti chikuto nthawi zina chimafupikitsa mutu. Pashelefu imodzi, ntchito imeneyi siposa nthawi yopuma masana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife a maphunziro a zilankhulo ndi mbiri timakonda kudandaula m'maseminala kuti zolemba za Amalawi sizioneka pamaso pa dziko. N'zoona, koma nthawi zina wozibisa ndi ife tomwe, ndi foni m'manja ndi changu chofuna kutumiza mndandanda dzuwa lisanalowe. Mukalandiranso mndandanda wochokera pachithunzi, musayambe ndi kuyamikira. Funsani kaye kuti pashelefupo panali mabuku angati, ndipo anawawerenga ndi manja ndani.