Mbewa Yamanyazi Inafera Kuuna

Makolo athu, amene ankazenga milandu pabwalo popanda pepala kapena cholembera, anatisiyira mawu akuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndipo ngakhale kuti mwambiwu timakonda kuuponyera mlendo amene akumangika kunena kuti ali ndi njala, ine ndiona kuti ukhudza koposa anthu a m'maofesi amene, ntchito ya chitukuko ikafika kumapeto, amapatsidwa udindo wolemba lipoti la zimene aphunzirapo. Lipoti limeneli cholinga chake n'chakuti amene adzagwire ntchito yofanana nayo m'tsogolo asadzapunthwe pa chitsa chimene chinapuntha anzawo. Koma pakuti kuulula pamene zinalakwika kumachititsa manyazi, ambiri amalemba zokoma zokhazokha, chitsa chija n'kutsala chili chikhalire panjira.

Ife a ku Mwanza tili ndi chitsanzo pakhomo penipeni, ndicho chingwe chachikulu cha magetsi chochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, cholowa m'dziko muno kudzera m'boma lathu lino, kupyola ku Neno, mpaka kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka. Kutalika kwake ndi makilomita 218, ndipo 76 mwa amenewa ali m'Malawi. Achinyamata amene aona nsanja zake zachitsulo zikuimikidwa angayese kuti ganizoli ndi ladzulo, pamene zoona zake n'zakuti Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya ntchito yomweyi kale m'chaka cha 2007. Boma la malemu Bingu wa Mutharika silinakhutire ndi mgwirizanowo, poona kuti Malawi azilipira ndalama zakunja mwezi ndi mwezi pogula magetsi kwa mnansi wake, ndipo pofika 2010 ngongole ya mbali ya Malawi inafafanizidwa isanagwire ntchito. M'chaka cha 2013 Mayi Joyce Banda ndi a Armando Guebuza anasainirana mgwirizano watsopano, Banki ija inavomerezanso ndalama m'chaka cha 2019, ndipo kuyambira pamene ntchito inayamba, tsiku loimaliza lasunthidwa kangapo konse.

M'kati mwa zaka zimenezi dziko linalawa zowawa zimene chingwechi chikanachepetsa. Popeza magetsi athu ochuluka achokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi atachepa m'zaka za 2016 ndi 2017 magetsi ankazima maola ambirimbiri, kufikira tinayamba kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Ndipo namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, popanda khomo lina logulirako magetsi ochuluka. Wowotcherera zitsulo pa Mwanza boma, mayi wa chigayo ku Thambani, ndi kalaliki wa pachipata amene makina ake anazima malole atandandana, onsewa analipira mtengo wa chigamulo chimene sanachimve n'komwe.

Tsono taganizani kuti munthu wapatsidwa ntchito yolemba phunziro la kulephera koyamba kuja. Njira yamanyazi, imene aliyense wozolowera malipoti aidziwa, ndiyo kulemba kuti panali kusamvana pakati pa mbali zokhudzidwa, ndipo m'tsogolo muno pafunika kulimbikitsa mgwirizano. M'mawu amenewa mulibe bodza, komanso mulibe chimene munthu anganyamule kupita nacho kuntchito. Pali njira yapafupi yoyesera chiganizo chotere: phimbani dzina la ntchitoyo ndi chala, ndipo ngati mawu otsalawo angakwanenso mu lipoti la mjigo, la mlatho kapena la sukulu, dziwani kuti wolembayo sananene kanthu. Chizindikiro china ndi aneni opanda mwini, monga akuti kunachedwa, panavuta, sizinatheke. Pakuti ntchito sichedwa yokha, koma pamakhala ofesi imene inasunga kalata, ndi tsiku limene inayenera kuyankha.

Wolemba wolimba mtima akanayamba ndi chimene chinakonzedwa ndi chaka chake, n'kunena chimene chinachitika m'malo mwake, kenaka n'kufunsa chifukwa, ndipo akayankhidwa n'kufunsanso chifukwa cha yankholo, kufikira atafika pa chigamulo chimene munthu akanatha kuchipanga mwina. Ngongole inafafanizidwa chifukwa boma silinaitenge. Boma silinaitenge chifukwa silinakhutire ndi malipiro. Ndipo apa, m'kuona kwanga, ndi pamene pagona phunziro lenileni, lakuti ndalama zomangira zinapezeka amene adzalipire magetsiwo asanavomereze ndi mtima wonse kuti adzalipira motani. Kuona mtima kufunanso kuti lipoti lisanyoze amene anakana, popeza nkhawa ya ndalama zakunja sinali yopeka m'dziko limene patangopita zaka zochepa linasowa mafuta a galimoto. Koma liyenera kuika pambali pa nkhawayo mtengo wa kukana, kuti wowerenga ayeze yekha ziwirizo pa sikelo imodzi.

Phunziro lotere limabala langizo limene munthu angalitsate ndi kuliyeza. Lingathe kulembedwa chonchi: pa ntchito iliyonse yogula magetsi kunja, Unduna wa Zachuma ndi ESCOM avomereze molemba mtengo wa magetsiwo, ndalama imene adzalipirire, ndi chimene chidzachitike mwezi umene dziko silinagwiritse ntchito magetsi onse, ndipo zimenezi zichitike pempho la ngongole yomangira lisanaperekedwe. M'langizoli muli mwini wake, muli chochita, muli ndi nthawi yake. Chotero patapita zaka zisanu munthu angathe kutsegula mafayilo ndi kuona ngati linatsatidwa kapena ayi, chimene sichitheka ndi langizo lija la kulimbikitsa mgwirizano. Malangizo asanu otere aposa makumi anayi osalozera munthu, pakuti ofesi yopatsidwa zambiri nthawi imodzi imasankha zosavuta, zolemera n'kuzisiya.

Lipoti la ntchito yachiwiriyi lidzakumana ndi yesero lina, ndilo kubisala kuseri kwa masoka oonekeratu. Mliri wa Kovidi unalipodi, anamondwe anaombadi, ndipo kwacha inatsitsidwadi mphamvu, ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Koma sikokwanira kungotchula zimenezi ndi kusamba m'manja. Wolemba ayale miyezi yonse ya kuchedwa, n'kuigawa: ingati inadyedwa ndi mliri, ingati ndi mvula, ingati ndi kusankha kontalakitala, ingati ndi katundu woima pachipata kudikira zikalata, ingati ndi malipiro ochedwa. Miyezi ya mliri ndi ya mvula tingaipereke kwa Chauta. Koma yotsalayo ili ndi eni ake, ndipo ndi yokhayo imene ingatiphunzitse kanthu, popeza ndi yokhayo imene tikanatha kuipewa.

Pali mutu wina umene ine, monga mwana wa boma lino, ndidzaufunafuna poyamba, ndiwo wa chipukuta misozi. Pansi pa chingwe cha mphamvu yotere sipaloledwa nyumba kapena mitengo yaitali, ndipo kuno mtengo wa nachesi ndi chuma cha banja: ndiwo umadzaza mabeseni a amayi amene amathamangira mabasi pachipata m'miyezi yozizira, ndiwo umalipira fizi, ndipo ukadulidwa, wobzala m'malo mwake umatenga zaka usanayambe kubala. Lipoti loona lisangonena kuti okhudzidwa onse analipidwa. Linene tsiku limene mitengo inawerengedwa, tsiku limene mtengo wake unaikidwa, ndi tsiku limene ndalama zinafika m'manja, pakuti ngati pakati pa masiku amenewa kwacha inagwa, ndalama imene papepala inali yokwana kumangira nyumba ya malata ingathe kukhala yosakwana ndi malata omwe. Linenenso madandaulo angati analembedwa, angati anayankhidwa, ndi masiku amene munthu ankadikira yankho. Ngati zapezeka kuti panali kuchedwa, langizo lake n'lachidule: malipiro akapitirira miyezi isanu ndi umodzi chiwerengereni katundu, mtengo uwerengedwenso munthu asanasaine.

Chimene chimatseka pakamwa olemba ambiri sichovuta kuchimvetsa, ndipo sindiwaweruza mwankhanza. Amene amalemba lipoti nthawi zambiri ndi yemwe anayendetsa ntchitoyo, ndipo akuyembekeza kupatsidwa ina ndi omwewo amene adzaliwerenge. Pamene anzake amene ankadziwa zenizeni, kontalakiti yawo itatha, anabalalika kale. Banki ija ili ndi lamulo lakuti lipoti lomaliza lilembedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi ntchito itatsekedwa, ndipo gulu lina loima palokha limaliunikanso. Nzeru imeneyi makhonsolo athu ndi mabungwe ang'onoang'ono angathe kuitengera popanda ndalama zambiri. Pakhale kaundula wa zovuta wolembedwa ntchito ili m'kati, pa miyezi itatu iliyonse, zinthu zisanaiwalike kapena kukometsedwa; ndipo pamapeto munthu amene sanadye nawo ntchitoyo afunse kapitawo, dalaivala ndi nyakwawa, aliyense payekha, bwana wake palibe. Msonkhano wofufuza phunziro ulekanitsidwe ndi bwalo la chilango, pakuti munthu amene akudziwa kuti mawu ake amuchotsetsa ntchito sangaulule kanthu. Koma pamene papezeka kuba, imeneyo ndi nkhani ya apolisi ndi makhoti, ndipo isabatizidwe dzina la phunziro. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mkulu wa ntchito amene amakwiyira wonena zoona amadzitsekera yekha khomo la chenjezo.

Pomaliza pake, lipoti likalembedwa lisakagone m'kabati ku Lilongwe m'Chingerezi chokhachokha. Masamba awiri a zimene zinalakwika ndi zimene zalangizidwa amasuliridwe m'Chichewa, awerengedwe pamaso pa Gogo Chalo Kanduku ndi Gogo Chalo Nthache, mafumu a midzi imene chingwe chadutsamo, ndi makomiti a chitukuko a m'madera, kuti eni nthaka atsutse pamene palembedwa zosayenera lisanadindidwe. Kope limodzi litsale ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lino, ndipo khonsolo iike lamulo lakuti aliyense wobwera ndi ntchito yodutsa m'minda ya anthu, kaya ndi msewu, njanji kapena chingwe china, ayambe waliwerenga ndi kuyankha molemba kuti malangizo akewo awatsata motani, asanaloledwe kukhoma chikhomo choyamba.