Ntchito zitatu, chitsime chimodzi: masamu a wogwira ntchito zingapo ku Salima

Boma la America litaimitsa thandizo la USAID mu Januwale 2025, ambiri tinaganizira za ogwira ntchito m'mabungwe ku Lilongwe. Koma aliyense amene amakhala ku Senga Bay akudziwa kuti nkhonyayo inafikanso kunyanja. Mabungwe akasowa ndalama, chinthu choyamba kudulidwa ndi mawekishopu, ndipo mawekishopu ndiwo amadzaza zipinda za malo ogona alendo ku Salima pakati pa sabata. Boma nalo lakhala likulamula kangapo kuti nthambi zake zileke kuchitira misonkhano kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama. Onjezeranipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso kukwera kwa madzi a m'nyanja mu 2024 komwe kunalowa m'malo ena ogona alendo.

Mabizinesi akafinyika chonchi, ena sachotsa munthu ntchito kotheratu. Amangomuuza kuti azibwera masiku atatu pa sabata. Apa ndi pamene malangizo otchuka aja amabwera: usadalire malipiro amodzi, masiku otsalawo uzigwira maganyu a upangiri, madzulo uziphunzitsa. Malangizowa si oipa, koma ali ndi msampha. Ntchito zitatu sizitanthauza magwero atatu a ndalama, ndipo ku Salima kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Tiyerekeze mayi wina wodziwa zowerengera ndalama. Manambala onsewa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Lolemba mpaka Lachitatu amagwira pa loji ina ku Senga Bay ndipo amalandira K400,000 pa mwezi. Lachinayi ndi Lachisanu amawasungira ntchito za upangiri, monga kukonza mabuku a makopaletivu a mpunga kapena kuphunzitsa magulu a asodzi kasungidwe ka ndalama. Madzulo ena ndi Loweruka amaphunzitsa pa koleji ina ya pa boma.

Funso loyamba si lakuti akupeza zingati, koma lakuti ndalama iliyonse ikuchokera kuti. Loji ija imadalira misonkhano ya mabungwe. Makopaletivu aja sadzilipirira okha mlangizi, amawalipirira ndi pulojekiti ya bungwe. Nanga ophunzira ake amadzulo? Ngati ambiri ndi ogwira ntchito m'mabungwe ndi m'mahotela omwewo, ndiye kuti mipope itatu yonseyi ikutunga m'chitsime chimodzi. Tsiku lomwe opereka thandizo atseka thumba, loji idzamudula masiku, kontilakiti idzaima, kalasi idzatsala ndi anthu anayi, zonse mwezi umodzi.

Njira yodziwira n'njosavuta. Tengani ndalama zonse zimene munalandira chaka chatha, ndipo pa iliyonse musalembe dzina la amene anakupatsani, koma la amene anamupatsa iyeyo. Ngati zoposa theka zikuthera pa gwero limodzi, muli pa ntchito imodzi yovala malaya atatu.

Salima ili ndi mwayi pa nkhaniyi chifukwa chuma chake si alendo okha. Kuli fakitale ya Salima Sugar ndi alimi a nzimbe, kuli mpunga wa ku Lifuwu, kuli usodzi, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a JCM omwe anayamba mu 2021, kuli Salima Technical College ndi asilikali a ku MAFCO omwe amalandira malipiro a boma. Mayi wathu angachite bwino kufuna makasitomala amene amalipira kuchokera pa malonda awo, monga mwini chigayo cha mpunga kapena wogulitsa zipangizo zomangira pa boma. Salipira zambiri ngati bungwe, koma ndalama yawo sidikira chiganizo cha ku Washington.

Tsopano tiwerenge mtengo weniweni wa tsiku lake, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Bungwe lina lamupatsa kontilakiti ya masiku 5 pa K150,000 patsiku. Papepala ndi K750,000, pafupifupi malipiro a miyezi iwiri ya ku loji. Munthu akaona nambala imeneyi amayamba kulemba kalata yosiya ntchito mumtima.

Koma bungwelo lisanalipire, lamulo limafuna kuti lidule msonkho wodulira pomwepo n'kuupereka ku MRA. Pa malipiro a upangiri ndi 20 peresenti, kutanthauza K150,000. Kwatsala K600,000. Likulu la bungwelo lili ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma, ndipo wapitako kawiri, koyamba kukamva zomwe akufuna, kachiwiri kukapereka lipoti. Thiransipoti, malo ogona, bando ndi kusindikiza zadya K120,000. Kwatsala K480,000.

Masiku nawonso si 5. Anatha masiku awiri kulemba pempho la ntchitoyo, awiri kukonza lipoti atalibweza, ndi limodzi kulondola malipiro. Onse pamodzi ndi masiku 10, choncho tsiku lake lapindula K48,000. Ku loji amagwira masiku pafupifupi 13 pa mwezi. Mukaphatikiza K40,000 ya penshoni yomwe abwana amamuikira, tsiku lake kumeneko ndi pafupifupi K34,000 msonkho usanadulidwe. Upangiri ukupambanabe, inde, koma osati kanayi monga mmene zinaonekera poyamba. Ndipo ngati pa chaka apeza makontilakiti otere anayi, ndi K1,920,000, kapena K160,000 pa mwezi. Imeneyi ndi ndiwo, si nsima.

Kuphunzitsa kulinso ndi masamu ake. Tinene kuti amaphunzitsa maola 6 pa sabata pa K8,000 pa ola, yomwe ndi K48,000 pa sabata. Munthu amafulumira kunena kuti ndi K192,000 pa mwezi. Koma mphunzitsi wolipidwa pa ola salandira kanthu pa holide. Ngati masabata ophunzitsa ndi 36 pa chaka, ndalama yonse ndi K1,728,000, kapena K144,000 pa mwezi. Ndipo ola lililonse la m'kalasi limakoka ola lina lokonzekera ndi kuchonga mayeso, lomwe palibe amalipira.

Nanga aphunzitsirenji? Chifukwa kalasi ndi msika. Wophunzira wa lero ndi kalaliki wa kopaletivu ina, ndipo mabuku akasokonekera chaka chamawa adzakumbukira aphunzitsi ake. M'boma laling'ono ngati Salima, ntchito ya upangiri siibwera kudzera m'nyuzipepala, imabwera kudzera pakamwa. Choncho mwendo uliwonse uli ndi ntchito yake: malipiro a pamwezi ndi a lendi ndi chakudya, kuphunzitsa kumabweretsa dzina, upangiri umabweretsa ndalama ya fizi ndi malata. Vuto limayamba munthu akachita lendi nyumba yodula podalira ndalama ya upangiri, yomwe ingachedwe miyezi iwiri kapena itatu invoyisi itaperekedwa.

Pali mapepala awiri amene munthu wotere sayenera kuwanyozera. Loyamba ndi chiphaso cha msonkho wodulidwa uja. K150,000 ija sinatayike. Ndi msonkho wolipiriratu, womwe umachotsedwa pa msonkho wonse wa pachaka munthu akapereka ndondomeko ya zomwe wapeza ku MRA. Koma kuti uwerengedwe m'dzina lanu pafunika TPIN yanu ikhale pa invoyisi, ndipo amene wakudulaniyo akupatseni chiphasocho. Mukapanda kuchitenga pulojekiti isanatseke, mudzapeza ofesi yasanduka sitolo. Dziwaninso kuti gawo la malipiro losadulidwa msonkho ndi la munthu, si la ntchito. Ngati loji ndi koleji aliyense akukuwerengerani gawo limeneli payekha, mwezi ndi mwezi mukuoneka ngati mukupindula, koma kumapeto kwa chaka mutha kupezeka ndi ngongole ya msonkho.

Lachiwiri ndi kalata ya ntchito ya masiku atatu ija. Abwana akamakudulani masiku, yang'anitsitsani ngati kalata yatsopano ikukutchanibe wogwira ntchito kapena yakusandutsani mlangizi. Kusiyana kwake ndi ndalama. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wogwira ntchito 5 peresenti. Mlangizi alibe zimenezo, alibenso tchuthi cholipidwa. Kwa mayi wathu ndi K480,000 pa chaka yomwe ingasowe mwakachetechete chifukwa cha liwu limodzi. Pa miyendo itatu ija, uwu wokha ndiwo ukumusungira za ukalamba, choncho ndi bwino azipatulako yekha kanthu pa kontilakiti iliyonse.

M'kalata yomweyo mulembedwenso kuti masiku otsalawo ndi anu. Ku Salima anthu amadziwana. Ngati kopaletivu yomwe mukuikonzera mabuku ndi yomwe imagulitsa mpunga ku loji komwe inu mumakonza malipiro a ogulitsa katundu, mwakhala mbali zonse ziwiri za tebulo. Ngakhale musabe tambala, tsiku lomwe nkhaniyi idzamveke mudzataya ntchito zonse ziwiri. Auzeni abwana mwa kulemba musanasaine, ndipo akakana, ikaneni ntchitoyo. Kompyuta ya ku loji isalembe lipoti la kasitomala wanu. Ndipo pa zowerengera ndalama, kukonza mabuku ndi kwina, kuwafufuza n'kusainira kuti ali bwino ndi kwina, kumafuna chilolezo chake.

Chomaliza ndi kalendala. Miyezi ya dzuwa ndi ya kumapeto kwa chaka, alendo akachuluka kunyanja, ndi nthawi yomwenso mabungwe amathamangira kumaliza ntchito za chaka, ndipo makoleji ambiri amalembetsa mayeso. Mabwana atatu onse amakufunani sabata imodzi. Kenako imabwera Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, misewu ya kumidzi yavuta, foni ili zii. Mankhwala ake ndi kukambirana tsiku lopereka lipoti musanasaine, mutayang'ana kale masiku a mayeso ndi a kutha kwa mwezi ku loji, komanso kupempha gawo la malipiro poyamba, kaya 30 peresenti, kuti musamakongoze bungwe ndalama yanu ya thiransipoti.

Zizindikiro zoti katundu walemera zimaoneka msanga. Mwasintha tsiku la kalasi kawiri mwezi umodzi. Mukuyankha foni ya kasitomala muli pa desiki ya abwana. Mwabwereka ndalama ya lendi pamene anthu atatu ali nanu ngongole. Zikafika apa musadikire kuti mmodzi wa atatuwo akuchotseni. Khalani pansi ndi kope, muwerenge masiku enieni ndi ndalama yeniyeni monga tachitira pamwambapa, ndipo mutule mwendo umene ukudya nthawi yambiri koma ukutunga m'chitsime chomwe muli nacho kale.