Taipu C ndi yabwino, koma osangoyang'ana mutu wa chingwe

Mukaima pa benchi yogulitsira zipangizo za foni pamsika wa Liwonde kapena ku Balaka boma, wogulitsa amayamba ndi funso limodzi: “Mukufuna cha Taipu C kapena chakalechi?” Chakalecho dzina lake ndi micro USB, ndipo Taipu C pa paketi amalemba kuti USB-C. Ophunzira anga ambiri amakhulupirira kuti chilichonse cha Taipu C n'cholimba, chothamanga ndiponso chotchaja msanga. Ine ndikuti Taipu C ndi yabwinodi, ndipo amene akugula foni yatsopano asankhe yomweyo. Koma dzinali limangonena za kaumbidwe ka mutu wa chingwe ndi kabowo kolowetsamo basi. Silinena za waya amene ali mkatimo, ndipo ndi pawayapo pamene ndalama zanu zingalowe m'madzi.

Tiyambe ndi kulimba. Micro USB inatuluka mu 2007, Taipu C mu 2014. Zonse ziwiri anazikonza kuti zipirire kulowetsa ndi kuzula ka 10,000. Mutamatchaja katatu patsiku, zimenezo ndi zaka zoposa 9. Ndiye papepala n'zofanana. Nanga bwanji okonza mafoni amangokhalira kusintha timabowo ta micro USB?

Yankho lili pa kaumbidwe. Mutu wa micro USB uli ndi kumwamba ndi kunsi, ndipo umalowa njira imodzi yokha. Mkati mwa kabowo ka foni muli kalilime kopyapyala komwe kananyamula timapini tisanu. Magetsi akathima, munthu n'kumalowetsa chingwe mumdima chozondoka, amakankha kalilime kaja ndi mphamvu. Tsiku ndi tsiku kamapindika, kapena mtovu womatira kabowoko ku bolodi ya foni umang'aluka. Chizindikiro chake mukuchidziwa: foni imatchaja pokhapokha mutapendeketsa chingwe kapena kuchitsamiritsa pa buku. Mutu wa Taipu C ndi wofanana mbali zonse, choncho palibe kulowetsa chozondoka. Vuto lalikulu lija linathera pomwepo.

Komabe Taipu C nayo ili ndi mdani wake, fumbi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, fumbi la kuno limasakanikirana ndi ulusi wa m'thumba n'kudzaza pansi pa kabowo. Chingwe chimaleka kulowa mpaka kumapeto, chimayamba kugwedera, mwiniwake n'kuganiza kuti foni yafa. Musanapite nayo kwa okonza, izimitseni, unikani m'kabowomo ndi tochi, ndipo chotsani zinyalalazo pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongoka kotokosera m'mano. Singano ayi, chifukwa chitsulo chingalumikize timapini tosayenera kukhudzana.

Tsopano liwiro. Micro USB wamba imayendera muyezo wa USB 2.0, womwe malire ake ndi mamegabiti 480 pa sekondi. Baiti imodzi ndi mabiti 8, ndiye 480 ÷ 8 = 60, kutanthauza mamegabaiti 60 pa sekondi. Pogwira ntchito yeniyeni liwirolo limatsika, nthawi zambiri kufika cha m'ma 30. Taipu C ili ndi malo a mapini 24, ndipo ena mwa iwo angathe kunyamula USB 3.0, yomwe malire ake ndi mamegabiti 5,000 pa sekondi. Koma mawu ofunika ndi akuti “angathe”. Wopanga foni ali ndi ufulu wosalumikiza mapini amenewo, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo a Taipu C mkati mwake ndi USB 2.0 yomwe ija. Ngakhale iPhone 15 wamba, yomwe inatuluka mu 2023 ndi Taipu C, imasamutsa mafayilo pa liwiro la USB 2.0.

Tiyerekeze kuti mwapita kwa anyamata obena pa Ntaja kuti akuikireni mavidiyo a maphunziro okwana magigabaiti atatu, omwe ndi mamegabaiti 3,000. Pa liwiro la 30, mudikira masekondi 100, kaya foni yanu ndi ya micro USB kaya ndi ya Taipu C yotsika mtengo. Kuti nthawiyo itsike kwambiri, kompyuta, chingwe ndi foni zonse zitatu zikhale za USB 3.0, ndipo memore ya foniyo izitha kulemba mwachangu. Chimodzi chikakhala chochedwa, zonse zimayendera chomwecho, ngati lole yodzaza matumba ikakhala patsogolo pokwera phiri.

Pa kutchaja ndi pamene Fizikisi yathu ya m'kalasi imagwira ntchito. Waya aliyense ali ndi rezisitansi, ndipo imakula waya akatalika kapena akaonda. Titenge tchaja chotulutsa mavoti 5 ndi maampu awiri, omwe ndi mawati 10. Tinene kuti chingwe chili ndi waya woonda, rezisitansi yake yonse, kupita ndi kubwerera, ndi maomu 0.5. Ndi V = IR, mavoti otayika m'chingwe ndi 2 × 0.5 = 1. Ku foni kukufika mavoti 4 okha. Ndi P = I²R, mphamvu yosanduka kutentha ndi 4 × 0.5 = mawati awiri, gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonse. Foni ikaona kuti mavoti agwa chonchi imachepetsa karenti yomwe ikukoka, n'kumatchaja mwaulesi. Chingwe cha waya wonenepa cha maomu 0.1 chimataya mavoti 0.2 okha. Zingwe ziwirizi zikhoza kukhala ndi mutu wofanana ndendende wa Taipu C. Kwa amene amatchajira pa sola kapena amalipira pa malo otchajitsa, kusiyana kumeneku ndi nthawi ndi ndalama.

Ena anganene kuti: “Aphunzitsi, kumudzi kwathu chingwe chopezeka paliponse ndi chakalechi.” Akunena zoona. Mafoni a mabatani, matochi, timawailesi ndi nyale zambiri za sola zikadali za micro USB, ndipo mukaiwala chingwe chanu, cha aneba chingakuthandizeni. N'chifukwa chake sindikuuza aliyense kuti ataye foni yomwe ikugwira ntchito. Koma onani kumene mphepo ikulowera. Kuyambira pa 28 Disembala 2024, mafoni atsopano ogulitsidwa m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya ayenera kukhala ndi Taipu C, ndipo mafakitale sakonda kupanga mitundu iwiri ya chinthu chimodzi. Foni yomwe mugule lero mudzakhala nayo zaka zingapo, ndipo m'zaka zimenezo zingwe za Taipu C zizichulukirachulukira.

Ndiye pogula chingwe chitani izi. Sankhani chachifupi, cha mita imodzi kapena kuchepera, chifukwa kuwirikiza utali n'kuwirikiza rezisitansi. Werengani pa paketi ngati alembapo 3A, ngakhale zolemba zokha si umboni, poti pulasitiki wonenepa amatha kubisa waya woonda. Pemphani wogulitsa muchiyese pa foni yanu kwa mphindi zingapo. Chikayamba kufunda, mphamvu yanu ikuthera m'njira. Ngati mukuchifunira mafayilo, chilumikizeni ku kompyuta muone ngati foni ikukupatsani mwayi wosankha `File transfer`. Ikangotchaja osaonetsa kanthu, n'kutheka kuti chingwecho chili ndi mawaya awiri a magetsi okha, opanda a deta.

Nayi ntchito yoti muyese kumapeto kwa sabata. Tengani foni imodzi, tchaja chimodzi ndi zingwe ziwiri zosiyana. Yambirani pa 30 peresenti ulendo uliwonse, foni isakugwiritsidwa ntchito, ndipo lembani pamene batire yafika pakatha mphindi 20. Chosintha chikhale chingwe chokha. Manambala amene mupezewo akuuzani kuti chingwe chabwino n'chiti kuposa mmene paketi ingakuuzireni.